Sabata yochotsa mitambo pa zithunzi za minda ya Lilongwe ndi Dedza

Lolemba m'mawa ndinalandira pempho lokonza mapu osonyeza mmene chimanga chinabiriwira m'mwezi wa Febuluwale pakati pa Mitundu, Nathenje ndi Linthipe, kuti alangizi a zaulimi adziwe madera oyenera kuyamba kuwayendera. Zithunzi zimene timadalira pa ntchito yotere ndi za Sentinel-2, chifukwa kachidutswa kalikonse ka chithunzicho, kamene timakatcha pikiselo, kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi m'lifupi, ndipo minda ya alimi athu ndi yaing'ono moti pa zithunzi za Landsat, za mamita 30, munda umodzi umasakanikirana ndi wa woyandikana naye. Masetilaiti a Sentinel-2 amajambula malo amodzi masiku 5 alionse, choncho mwezi wonse unandipatsa zithunzi 6 zokha. Nditazitsegula ndinapeza kuti ziwiri zinali zoyera mbee ndi mitambo, zitatu zinali ndi mitambo yamawangamawanga, ndipo chimodzi chokha n'chimene chinkaonetsa nthaka bwino, komabe osati kumbali ya phiri la Dedza, kumene mitambo imayamba kuunjikana dzuwa likangokwera.

Lachiwiri ndinayamba ndi chigawo cha `SCL`, chimene chimabwera pamodzi ndi zithunzizo ndipo chimapereka nambala kwa pikiselo iliyonse: 3 ndi mthunzi wa mtambo, 8 ndi 9 ndi mitambo, pamene 10 ndi mitambo yopyapyala yam'mwamba kwambiri. Kuchotsa manambala anayi amenewa n'kwachangu, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti m'mphepete mwa mtambo uliwonse munatsala kautsi, ndiponso kuti madenga ena amalata a pamsika wa Mitundu anachotsedwa ngati mitambo. Chifukwa chake n'chakuti Sentinel-2 ilibe chipangizo choyezera kutentha ngati chimene Landsat ili nacho, moti singathe kusiyanitsa chinthu chowala chozizira cham'mwamba ndi chinthu chowala chotentha chapansi. Denga silivuta kulizindikira, popeza limawala pamalo omwewo ngakhale pa chithunzi cha Ogasiti. Kautsi n'kamene kanandidetsa nkhawa, motero ndinasamukira ku `COPERNICUS/S2_CLOUD_PROBABILITY`, imene imapereka mwayi wa mtambo kuyambira 0 mpaka 100. Pa 60 kautsi kankadutsa, pa 30 misewu yafumbi inayamba kuzimiririka, ndipo ndinakhazikika pa 40, kenaka ndinakulitsa malire a mtambo uliwonse ndi mamita 60.

Tsiku lonse la Lachitatu linathera pa mithunzi, ndipo m'kuona kwanga gawo limeneli ndilo limasiyanitsa mapu odalirika ndi mapu ongokongola. Mtambo aliyense amauona, koma mthunzi wake umagwera patali, pamunda umene pamwamba pake palibe chilichonse, ndipo umadetsa mundawo mwakachetechete. Malo a mthunzi amawerengedwa ndi kutalika kwa mtambo komanso kupendeka kwa dzuwa. Setilaiti imadutsa kuno cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo m'Febuluwale dzuwa limadutsa pafupifupi paliwombo masana, kotero pa nthawi yojambulayo limakhala kum'mawa, litapendeka madigiri pafupifupi 27 kuchokera pamwamba penipeni. Pa kupendeka kotere mtunda wa mthunzi umakhala pafupifupi theka la kutalika kwa mtambo, kutanthauza kuti mtambo wa pa mamita 1,000 umaponya mthunzi mamita 500 kumadzulo, ndipo wa pa mamita 2,000 umauponya kilomita imodzi. Popeza kutalika kwa mtambo uliwonse sitikudziwa, timatenga mbali ya dzuwa pa `MEAN_SOLAR_AZIMUTH_ANGLE`, n'kukoka chithunzithunzi cha mtambowo mpaka kilomita imodzi motsutsana ndi dzuwa, ndipo m'kati mwa mzere umenewo mokha timachotsa mapikiselo amene pa `B8`, chigawo choyeza kuwala kosaoneka ndi maso kumene zomera zimabweza kwambiri, ali pansi pa 0.15.

Poyamba ndinayesa kuchotsa malo onse akuda mosayang'ana kumene mtambo uli, ndipo madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe anafufutika pa zithunzi zonse, chifukwa dambo lodzaza madzi a dzinja limada pa `B8` mofanana ndi mthunzi. Chizindikiro chake chinali mawonekedwe: mthunzi umatengera maonekedwe a mtambo wake ndipo umakhala kumadzulo kwake nthawi zonse, pamene mipata imene ndinkaionayo inkakhota motsatira zigwa. Nditabwezeretsa lamulo la mbali ya dzuwa, madambo ambiri anabwerera.

Lachinayi ndinaphatikiza zithunzizo kukhala chimodzi. Pa chithunzi chilichonse ndinawerengera `NDVI`, imene imasonyeza kubiriwira kwa mbewu, kenaka pa pikiselo iliyonse ndinatenga nambala yapakati mwa masiku amene malowo anaoneka. Njira imeneyi imatchuka chifukwa imataya nambala zopatuka, koma imatero pokhapokha masikuwo akhale okwanira. Ndinalondola munda umodzi kufupi ndi Nathenje umene pa mapu unkaoneka wofooka. Unaoneka masiku awiri okha: tsiku loyera unapereka 0.75, ndipo tsiku lina, pansi pa mtambo wopyapyala umene sunagwidwe, unapereka 0.35. Nambala yapakati pa ziwiri ndi theka la zonse pamodzi, ndiye mapu anasonyeza 0.55, ngati kuti chimangacho chasowa fetereza. Pakanakhala tsiku lachitatu loyera, 0.35 ikanatayika yokha. Ndinalamula kuti pikiselo isalowe m'mapu ngati sinaoneke katatu:

```
var n = col.select('NDVI').count();
var mapu = col.select('NDVI').median().updateMask(n.gte(3));
```

Zotsatira zake zinali mipata yambiri, makamaka chakum'mwera. Mnzanga wa mu ofesi anati tiyambire pa 1 Januwale mpaka kumapeto kwa Malichi kuti mipata itsekeke, ndipo tinakambirana nthawi yaitali. Ine ndinakana, chifukwa chimanga chodzalidwa mu Disembala chimakhala chisanatseke mizere kumayambiriro kwa Januwale, chimamasula ngayaye mu Febuluwale, ndipo pofika kumapeto kwa Malichi masamba amayamba kuuma. Mapu otere akanaika munda wojambulidwa mu Januwale pafupi ndi wojambulidwa mu Febuluwale, ndipo mlangizi akanawerenga kusiyana kwa masiku ngati kusiyana kwa mbewu. Tinagwirizana zowonjezera masiku 10 okha mbali iliyonse, zimene zinatipatsa zithunzi zina 4. Rada ya Sentinel-1 imaboola mitambo, koma imayeza maumbidwe ndi chinyezi cha zimene zili pansi, osati kubiriwira, choncho sindinailowetse m'mapu omwewo.

Lachisanu ndinatumiza mapu awiri m'malo mwa amodzi. Oyamba anali a kubiriwira, mipata yake nditaisiya yotuwa, ndipo achiwiri ankasonyeza kuti malo alionse anaoneka kangati. Amene anapempha ntchitoyo anandiimbira foni masana n'kunena kuti, “Bambo, nanga kumunsi kwa phiri la Dedzaku mwatisiyira potuwa bwanji, pamene n'kumene timafuna kudziwa?” Ndinawayankha kuti, “Pepani achimwene, kumeneko setilaiti inaona nthaka kamodzi kapena kawiri kokha, ndipo ndikanapaka mtundu ndikanakunamizani. Ndi bwino alangizi ayambire komweko ndi njinga zawo.” Anavomera, ndipo anandipempha mayina a midzi yomwe ili m'mipatamo, amene ndinawatumizira ndisanaweruke.