Amphaka amene ndinawafufuta

Pamene bambo wina amene tinkaphunzitsa nawo pasukulu ina kufupi ndi Senga Bay anakwanitsa zaka 60 ndi kupuma pantchito, komiti ya phwando inandipatsa mphindi ziwiri zoti ndiwatsanzike m'malo mwa aphunzitsi anzanga. Ine ndinalemba masamba anayi, ndipo nditawerenga mokweza wotchi ili patebulo, zinanditengera mphindi khumi ndi imodzi.

Kudula koyamba sikunavute. Ndinachotsa malonje opereka ulemu kwa mafumu ndi alendo mmodzimmodzi, poti wotsogolera mwambo akanachita kale zimenezo, ndipo mndandanda wa masukulu amene anaphunzitsako ndinausiyira aphunzitsi aakulu. Kenaka chiganizo chilichonse ndinkachiyesa poikapo dzina la munthu wina. Chikakhala choonabe, monga chakuti anali olimbikira ntchito ndi osunga nthawi, ndinkachifufuta, chifukwa mawu otere ndi chitenje chobwereka chimene aliyense angavale.

Chinatsala ndi nkhani imodzi imene ndinkaidziwa ine ndekha. Nditangofika ku Salima, mphepo inasasula denga la nyumba yanga, ndipo bambowa ndi mayi akunyumba kwawo anandisunga milungu itatu osandiwerengera nsima. M'nkhanimo munali ziganizo ziwiri izi: "Pakhomopo panali amphaka awiri osamva. Ankaba chambo usiku uliwonse, ndipo mayi ankawathamangitsa ndi mthiko mpaka kuseri kwa bafa."

Tsiku la phwando, pepala linali likupitirirabe ndi theka la mphindi. Ndili chiimirire pakhonde, ndinafufuta mwaliwiro mizere ingapo, kuphatikizapo wa amphaka uja, poganiza kuti ziweto sizikupuma nawo pantchito. Sindinawerengenso mokweza, ndipo apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje, pakuti m'Chichewa "a" wa amphaka ambiri ndi "a" wa ulemu wa munthu wamkulu ndi mmodzi yemweyo. Ukachotsa mwini chiganizo, chotsatiracho chimakakamira munthu amene watchulidwa pafupi.

Motero, pamaso pa a gulupu, abusa ndi makolo, ndinawerenga ndi mawu achisoni kuti: "Bambowa anandilandira ngati mwana wawo. Ankaba chambo usiku uliwonse, ndipo mayi ankawathamangitsa ndi mthiko mpaka kuseri kwa bafa."

Poyamba kunali zii, kenaka holo yonse inaphulika ndi phwete, mayi aja atabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka. Poyesa kukonza zinthu, ndinayamba kufotokoza za amphaka, za mtundu wawo ndi za kumene anachokera, kotero kuti mphindi ziwiri zija zinakwana zisanu ndi ziwiri, mpunga ukuzizira m'mapoto.

Itafika nthawi yawo yoyankha, bambowo anaimirira mwaulemu, nakonza tayi, nandiyang'ana.

"Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha mawu anu," anatero. "Za chambozo ndikukana pamaso pa abusa. Koma za mthikozo, funsani mayiwa, ine ndilibe ndemanga."