Nkhani ya TV ija, imvereni kwa mwini wake

Ndamva kuti yafika kale mpaka ku gulu lathu la aiti ndipo ena mwayamba kunditchula kuti bambo a sikirini, ndiye bola ndinene ndekha musanaithire mchere wina. Eya, ndinalemba kalata kwa adairekita kupempha bajeti ya zida zoyang'anira seva, ndipo anandigulira TV. Sindikukana. Koma mumve kaye mbali yanga.

Zinayambira pa tsiku la malipiro, seva ya peyirolo itangouma gwaa, amayi a ku akaunti ataima kumbuyo kwanga manja m'chiuno osayankhula kanthu, kungopuma mokweza basi. Ndinalowa mu seva ija ndikulemba `df -h` ndipo zimene ndinaona ndi izi:

```
/dev/sda2   200G  200G     0 100% /
```

Disiki yadzaza thoo, MySQL ilibe polemba ngakhale dzina la munthu mmodzi. Chinadzazitsa ndi kasikiriputi kena kamene kamasunga bakapu usiku uliwonse pa disiki yomweyo koma osafufuta zakale, magigabaiti awiri tsiku lililonse, ndipo amene anakalemba kasikiriputiko tisamufunse chifukwa anali wachinyamata nthawi imeneyo ndipo ali ndi banja. Chimene chinandiwawa ndi masamu ake. Disiki ya magigabaiti 200 ikafika pa 80 peresenti ndiye kuti atsala 40, pa awiri patsiku amenewo ndi masiku 20 athunthu. Pakanakhala kanthu kondikodola pa 80 paja ndikanakonza ndikumwa tiyi, osati anthu onse a pa ofesi atandizungulira ngati ndagwidwa ndi mbuzi ya eni.

Ndiye ndinakhala pansi kulemba kalata. Masamba 6 amwene, mu Chingerezi chija chimatuluka munthu ukafuna akuone kuti sukulu unapitako. Ndinayerekeza Zabbix ndi Nagios, ndinafotokoza mbiri ya SNMP, ndinajambula mabokosi ndi mivi, mawu oti monitaling'i analimo mwina ka 40. Zinthu zoti agule ndinaziika tsamba lomaliza pansi penipeni, mu tizilembo ting'onoting'ono, chifukwa ndinkaona ngati kutchula ndalama koyambirira ndi mwano.

Kalata inabwerako yosainidwa patangopita masiku awiri. Ine kunyada, mpaka ndinauza mayi a kunyumba kuti bwana wathu ndi munthu womvetsa zinthu.

Lachisanu lotsatira ndikungomva hutala panja, anyamata awiri akutsitsa chikatoni chachitali ngati chitseko, mkulu wa zogulagula akutsogolera akuti pang'onopang'ono, musagunditse. Anachiimika pakati pa kaofesi kanga ndipo anthu anayamba kubwera okha, a ku risepushoni, a mesenjala, mlonda wa pa geti anasiya geti. Wina anandipatsa lumo kuti ndidule tepi ndekha ngati nduna ikutsegulira mlatho. Ndinadula. Ndinachotsa zoyera zija zimalira kwiikwii. Munatuluka chisikirini cha mainchesi 55, chakuda bii, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaonamo ndi nkhope yanga yomwe itayasama. Pansi pa katoni panali rimoti ndi mabatire ake awiri, ndipo a mesenjala anandiikira okha mabatirewo n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinaima ndi rimoti m'manja mwina mphindi zisanu, sindikudziwa, kwa ine chinali chaka. Kenako adairekita analowa akumwetulira n'kundigwira paphewa.

"Achimwene, mwaiona? Munalemba monita monita tsamba lililonse, ndinati mnyamatayu maso amupweteka, mugulireni yaikulu."

Ndiye inuyo mukanatani? Ine ndinati zikomo kwambiri bwana. Ndinawomba ndi m'manja.

Apa ndiye pamene ndikufuna akundiseka aja amve. Munthu uja kalata amawerenga mutu, mzere woyamba, ndi pamene pali chiwerengero cha ndalama, ndipo izi sekiritale wawo ankadziwa, dalaivala ankadziwa, palibe anandiuza. Komanso a zogulagula anaona mndandanda wanga tsamba lomaliza lija? Sanaone, akuti sitepulo inadya tsambalo. Chabwino.

Kalata yachiwiri ndinalemba tsamba limodzi ndipo mawu oti monita sindinawalole kuyandikira. Ndinayamba ndi tsiku la malipiro lija, kuti anthu analandira mochedwa ndi tsiku limodzi, a ku akaunti anagwira ovataimu, ndipo zonsezo zikanadziwika masiku 20 zisanachitike. Kenako ndinati ndikufuna mlonda wa seva, woti mphindi iliyonse azifunsa kuti seva ili moyo, disiki yatsala bwanji, m'chipinda mwatentha bwanji, magetsi alipo kapena tikuyendera batire, ndipo china chikalakwika aziimba belu pa foni yanga. Anandiitana.

"Mwalemba kuti pulogalamu yake Zabbix ndi yaulere. Nanga ndalamazi ndi za chani?"

Ndinati bwana pulogalamu ndi yaulere ndithu koma iyenera kukhala pa kakompyuta kakekake, chifukwa mukaiika mu seva yomweyo imene ikulondera, seva ikafa mlondanso wafera momwemo, akuwa ndani? Kakompyutako kafunikanso yupiesi yake kuti magetsi akathima katsale ndi mpweya woti kanene kuti athima. Ndiye modemu ya simukhadi ndi timayunitsi ta mwezi, poti imelo imadutsa pa intaneti ya ofesi yomwe imazima limodzi ndi rauta, pamene meseji ya pa foni imatuluka ndithu. Chomaliza kachipangizo koyeza kutentha, chifukwa eyakoni ya m'chipinda muja magetsi akabwerera siyaka yokha mpaka munthu akadine, ndipo kumapeto kwa sabata mu Okutobala mumasanduka uvuni wa sikono.

Anagwedeza mutu n'kuti pezani makotesheni atatu. Ndinazungulira mu tauni ndinawapeza, onse olembedwa kuti mtengowu ndi wa masiku 7 okha, kalata inakagona pa tebulo lina, kenako mu Novembala 2023 muja kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndipo makotesheni anga anasanduka mapepala okulungira zitumbuwa. Ndinayambiranso. Pomaliza anavomera kakompyuta ndi modemu, yupiesi ndinatola yakale ku sitolo n'kusintha batire.

Kuti aone kuti ndalama zawo zikugwira ntchito ndinaika nambala yawo pa mndandanda wa olandira chenjezo. Ichi chokha ndiye ndikuvomera kuti ndinalakwa ndekha. Ndinatchera kuti ping ikalephera kamodzi kokha meseji ipite, m'malo moti ilephere katatu motsatizana, ndipo usiku womwewo kunali kachingwe kena kolobodoka pa switchi kamene kamagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Seva yafa, seva yadzuka, seva yafa. Anandiimbira cha m'ma 2 koloko usiku, mawu ali pansipansi, kumbuyo kukumveka amayi akunyumba kwawo akufunsa kuti Zabbix ameneyu ndi ndani ndipo akufuna chani nthawi ino.

Nambala yawo ndinaichotsa m'mawa mwake. TV ija ili pakhoma m'kaofesi kanga, imaonetsa magirafu a disiki, pano ili pa 61 peresenti, ndipo kukakhala mpira wa Flames a mesenjala amabwera ndi mpando wawo. Kachipangizo ka kutentha sikanagulidwebe, akuti ndilembe kalata ina.