Beta ya 0.20 yatsala pang'ono kudyetsa alimi njala

Sabata yathayi inali ya lipoti la opereka thandizo, ndiye anzanga a kawuniwuni mukudziwa kale mmene zimakhalira. Lolemba ndi Lachiwiri ndinathera kuyeretsa deta yochokera kwa alimi athu a chimanga a ku Mzimba, Rumphi ndi Nkhata Bay. Magetsi ankangothimathima, ndipo jenereta ya ofesi yathu kuno ku Mzuzu ilibe mafuta kuyambira mwezi watha, pomwe galimoto ya abwana siigona ndi njala.

Chimene chandiwawa chinachitika Lachinayi. Tinkafuna kudziwa chimene chikukweza kwambiri zokolola pa hekitala: feteleza, mvula, kapena maulendo a alangizi. Ndinaika tebulo pakhoma. Ulendo umodzi wa mlangizi unkaonjezera makilogalamu 60 a chimanga, kilogalamu imodzi ya feteleza inkaonjezera 8, milimita imodzi ya mvula 1.5. Abwana a mapologalamu, amene anabwera kuchokera ku Lilongwe, anangoti, "Basitu, alangizi ndiwo akutsogola."

Ndinawauza kuti manambalawo sangapikisane, chifukwa ulendo, kilogalamu ndi milimita ndi miyezo yosiyana. Nditati ndilembe mvulayo m'masentimita, 1.5 uja asanduka 15 n'kupitirira feteleza, chonsecho kumunda sikunasinthe kanthu. Ndiye ndinayendetsanso mu Stata, pulogalamu yowerengera deta, kuti ndipeze beta, nambala yoika zinthu zitatuzi pa muyezo umodzi:

```
regress zokolola feteleza mvula alangizi, beta
```

Chimene lamuloli limachita n'chosavuta: `beta = b × sd(x) / sd(y)`, pomwe `b` ndi 60, 8 kapena 1.5 uja, `x` ndi alangizi, feteleza kapena mvula, `y` ndi zokolola, ndipo `sd` ndi muyezo wa mmene alimi akusiyanirana pa chinthucho. Zokolola zinali ndi `sd` ya makilogalamu 600. Mvula inali ndi `sd` ya mamilimita 200, ndiye 1.5 kuchulukitsa ndi 200 ndi 300, kugawa ndi 600 tipeza 0.50. Alangizi `sd` yawo inali maulendo 3, beta 0.30. Feteleza `sd` yake inali makilogalamu 15 okha, beta 0.20. Mndandanda unatembenuka, feteleza n'kukhala kumchira.

Apa m'pamene zinavuta. Abwana aja anatulutsa cholembera n'kunena kuti, "Ndiye chaka chamawa tichepetse feteleza, ndalamazo zipite kwina. Manambala anu omwe akutero, achimwene."

Manambala anga sankatero. Beta ya feteleza yachepa chifukwa ifeyo tinapatsa pafupifupi mlimi aliyense matumba awiri a makilogalamu 50. Alimi onse akathira mofanana, `sd` imakhala yaing'ono, ndipo beta imatsika nayo ngakhale fetelezayo akugwira ntchito bwino lomwe. Beta imangonena kuti kusiyana kwa zokolola pakati pa alimi awa kukutsatira chiyani, sinena zimene zingachitike mukamulanda mlimi thumba. Funso limenelo limayankhidwa ndi 8 uja: thumba la makilogalamu 50 likuimira makilogalamu pafupifupi 400 a chimanga, matumba asanu ndi atatu. Ndinawachenjezanso kuti ngakhale 400 ameneyo tisamulumbirire, popeza m'deta yathu mulibe alimi ambiri othira thumba limodzi lokha, ndiye tikuyerekeza kunja kwa zimene tinaona.

Beta ya mvula nayo yakwera pa chifukwa chomwecho. Tinasakaniza alimi a ku Nkhata Bay, kumene imagwa yambiri, ndi a madera ouma a Mzimba ndi Rumphi, ndiye `sd` yake iyenera kukula. Titatenga a ku Mzimba okha, beta ya mvula inatsika pomwepo onse akuona. N'chifukwa chake sindilola kuti beta ya kafukufuku wa chaka chino iyerekezedwe ndi ya chaka chatha kapena ya boma lina. Komanso mvula ikhale pa nambala wani kapena ayi, bajeti yathu siingagule mvula.

Anandimvera, koma mwa theka. Anati opereka thandizo amakonda mndandanda wa woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo ndime zofotokoza sawerenga. Chondinyansa n'chakuti pamene tinkakonza kafukufukuyu ndinapempha kuti tifunsenso alimi osalandira feteleza wathu, kuti kusiyana kuoneke. Anakana ati ndalama ya mafuta ndi ya ofunsa mafunso palibe. Lero deta yoperewera yomweyo ndi imene akufuna kudulira bajeti.

Lachisanu ndinalemba tebulo lokhala ndi zonse zitatu moyandikana, `b`, `sd` ndi beta, ndipo pansi pake ndinaika zimene thumba limodzi ndi ulendo umodzi wa mlangizi zimabweretsa poyerekeza ndi mtengo wake. Ndinachotsamo beta ya funso lakuti mlimi ndi mayi kapena bambo, chifukwa kukwera ndi `sd` imodzi pa funso la mayankho awiri kulibe tanthauzo. Lipotilo lapita ku Lilongwe, ndipo andiuza kuti tebulolo likhoza kudulidwa kuti likwane pa tsamba limodzi.