Sabata ya pulomoshoni ya Khirisimasi: ka fulaya kamodzi, masiku asanu

Lolemba m'mawa ndisanamwe ndi tiyi yemwe foni inalira, anali bwana wa kampani ina ya mabasi oyenda Harare mpaka Blantyre yomwe ndimaimasulira zinthu nthawi ndi nthawi. Akuti mayi, pulomoshoni ya Khirisimasi yatuluka, tikufuna Chichewa chake pofika Lachinayi kuti Lachisanu mafulaya alowe ku Mbare, ku Epworth ndi m'magulu a watsapu a anthu akwathu. Makasitomala awo ambiri ndi ife tomwe, ena anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ena ndi ana awo obadwira konkuno, ndiye Disembala ikayandikira aliyense mtima umakhala pa msewu wa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza.

Zomwe ananditumizira zinali izi basi: "Save up to 20% on return tickets. Book and pay in full by 15 December. First bag free, max 20kg. Non-refundable. Not valid for travel 20–24 December."

Timizere tisanu. Bwana ankaganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi, koma ine ndinayamba ndi kupempha mndandanda wa mitengo kaye, chifukwa pulomoshoni sindimasulira ndisanadziwe ndalama yeniyeni yomwe munthu adzatulutse pa kauntala. Atatumiza ndi pomwe ndinaona nkhani yake. Tikiti yopita ndi kubwera ndi $100. Ukakwera basi ya Lachiwiri akuchotsera $20, ulipira $80. Koma basi ya Lachisanu, yomwe ndi imene anthu ambiri amaifuna, akuchotsera $10 yokha, ulipira $90. Ndiye "up to" uja ndi pamene anabisala $10 imeneyo.

Mawu oyamba obwera m'mutu ndi "mpaka 20%", ndipo sangakuuze munthu kuti walakwitsa. Vuto ndi mmene timamvera mawu akuti mpaka tikamacheza. Wina akati mtengo watsika mpaka 20 peresenti, khutu limamva kuti eee watsika kwambiri, wafika pa 20, silimva kuti mwina ndi 20 mwina ndi 10. Kwa wowerenga Chingerezi mawu aja ndi chenjezo, kwa ife mpaka amakhala ngati akuchemerera. Mayi amene wawerenga zimenezo asunga $80 ndendende, afika pa kauntala auzidwa $90, ndipo amene atukwanidwe ndi mtsikana wogulitsa matikiti yemwe sanalembe ndi komwe fulayayo.

Ndinawauza bwana kuti tisiye maperesenti tilembe ndalama: basi ya Lachiwiri $80 m'malo mwa $100, basi ya Lachisanu $90 m'malo mwa $100. Poyamba anakana, akuti 20% ndi imene imakoka maso. Ndinawamvetsa, malonda ndi awo, koma ndinawafunsa kuti pa anthu omwe adzakwere ndi angati adzapeze 20% yo, iwo eni anavomera kuti ambiri ndi a Lachisanu. Tinagwirizana kuti mutu ukhale "Mtengo watsika ndi $10 kapena $20" kenako mitengo iwiri ija pansi pake pomwepo. Apa samalani kamawu kakuti ndi, watsika ndi $20 ndi zina, watsika kufika pa $20 ndi zinanso, mukasokoneza mwagulitsa tikiti ya ku Blantyre pa madola 20. Mawu a "Save" aja ndinawataya, "sungani 20%" zikumveka ngati tikuitanira anthu ku banki mkhonde.

Lachiwiri lonse linathera pa mawu amodzi, "return". Anandipatsa fulaya ya chaka chatha kuti ndionereko, pamenepo panali "tikiti yobwerera". Ndinaima kaye. Munthu wakhala mu Harare zaka 30, ukamuuza za kubwerera amaganiza chani? Kubwerera kumudzi basi, ulendo umodzi wopita ku Malawi. Ndiye kwa iye tikiti yobwerera ndi ya Harare kupita Blantyre, yomwe ndi $50 ndipo siili m'pulomoshoni n'komwe. Wina amene ali kale ku Blantyre akamva yobwerera aganiza ya ulendo wobwera kuno wokha. Onse awiri amva tikiti ya mbali imodzi pomwe kampani ikunena ya mbali ziwiri. Nditafunsa mtsikana wa pa kauntala anati eee mayi, chaka chatha anthu ankabwera akufuna kuwachotsera pa tikiti yopita yokha, sitinkadziwa kuti zikuchokera pati. Ndinalemba "tikiti yopita ndi kubwera" ndipo pansi ndinaonjezera kuti tikiti ya ulendo umodzi mtengo wake sunasinthe. Chiganizo chimenecho m'Chingerezi mulibe, koma tanthauzo lake lilimo, ndipo ndinachionetsa kwa bwana asanavomereze.

Lachitatu inali nkhani ya madeti. "By 15 December" anthu ambiri amathamangira kulemba "pasanafike pa 15 Disembala", koma zimenezo zikutanthauza kuti tsiku lomaliza ndi pa 14, mwawadyera anthu tsiku lathunthu. "Pofika pa 15" ndi yabwinoko komabe ena amakaikira ngati pa 15 penipenipo pali mkati. Ndinaimba foni kufunsa zinthu ziwiri, pa 15 mukulandira ndalama? Nanga ofesi mutseka nthawi yanji? Anati inde tikulandira, titseka 5 koloko. Ndiye ndinalemba mosazungulira kuti tsiku lomaliza kulipira ndi pa 15 Disembala, 5 koloko madzulo. Pa "book and pay in full" napo, kwathu munthu akalembetsa dzina ndi kusiya ka $20 amati ndabukitsa, nkhani yatha. Ndinaika kuti muyenera kumaliza kulipira ndalama zonse, dipoziti yokha siikwanira.

Masiku a 20 mpaka 24 aja Chingerezi chake sichinanene ngati akukhudza ulendo wopita wokha kapena ndi wobwera womwe. Apa sindimalota ayi, ndimafunsa. Anati mbali zonse, chifukwa ndi sabata ya tchuthi cha Unity Day pa 22 ndipo mabasi amadzaza okha popanda kunyengerera munthu. Ndinalemba kuti mtengo wotsikawu sugwira ntchito ngati mukuyenda pa 20, 21, 22, 23 kapena 24 Disembala, kaya popita kaya pobwera. Kutchula masiku onse kumadya malo koma palibe angadzati ndimayesa pa 24 pali kunja.

Madzulo ake ndinatenga pepala langa kupita nalo ku Mbare kwa amalume ena atelala, munthu wamkulu wochokera ku Dedza amene Chichewa chake sichinasakanikirane ndi Chishona, panalinso mdzukulu wawo wobadwira ku Mufakose yemwe amamva Chichewa koma kuwerenga amachita pang'onopang'ono. Sindiwafunsa kuti zikumveka bwino? chifukwa aliyense amangoti eya pofuna ulemu. Ndimafunsa mafunso a ndalama. Amalume, mukufuna kunyamuka Lachisanu, mutenga zingati? Anati 90. Mwapereka 30 lero, yotsala mudzapereka pa 18, zitheka? Anati ayi mwanena pa 15. Mpaka apo mtima unali m'malo.

Kenako tinafika pa mzere wa chikwama, ndinali nditalemba "chikwama choyamba ndi chaulere". Amalume anaika sizasi pansi n'kufunsa kuti mwanawe, zikwamazo akupereka zamtundu wanji, zija zamizeremizere zazipi? Anamva kuti kampani ikugawa zikwama. Mdzukulu naye anamva chimodzimodzi, akuti ndi za mahara eti. Ndipo sanalakwe, chaulerecho si chikwama koma kunyamula kwake. Ndinakonza pomwepo pa tebulo lawo lodulira nsalu: chikwama chimodzi chosapitirira makilogalamu 20 simulipirira. Amalume anafunsanso funso lomwe ine sindinaliganize, nanga changa chikalemera 25, ndilipira makilo 5 okhawo kapena chonse? Pa Khirisimasi palibe amapita kumudzi ndi makilo 20, muli shuga, mafuta ophikira, nsapato za ana a achemwali. Bwana nditawaimbira anati $1 pa kilo iliyonse yoonjezera, ndipo anavomereza kuti ilowe m'mafulaya onse, la Chingerezi lomwe.

"Non-refundable" ndinalimbana nayonso usiku umenewo. "Ndalama sizibwezedwa" ndi yolondola koma ikumveka ngati ngakhale basi itapanda kubwera ndalama zapita. Bwana anati ayi, tikalepheretsa ulendo ndife timabweza. Ndiye ndinalemba kuti mukalephera kapena kusintha maganizo inuyo, ndalama sizibwezedwa.

Lachinayi ndi limene linandipweteka mutu. Chichewa chimatalika, timizere tisanu tija tinasanduka khumi, ndiye dizaina pofuna kuti zikwane anachotsa mzere wa masiku a 20 mpaka 24 ndi wa dipoziti, m'malo mwake anaika "T&Cs apply" ting'onoting'ono kumunsi. Mnyamatayo sawerenga Chichewa, anangoona mizere iwiri yaitali n'kudula. Mwayi wake ndimakakamira kuona fulaya isanapite kopulinta. Ndinawauza bwana kuti ngati zokoma zili m'Chichewa koma malamulo ake ali m'Chingerezi, amalume aja awerenga zokoma zokhazo, ndipo ndinawakumbutsa kuti lamulo la Zimbabwe loteteza ogula la mu 2019 sililola malonda osocheretsa anthu, silinena kuti pokhapokha akhale a Chingerezi. Chichewa chili pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a dziko lino a mu 2013, fulaya yathu ndi lonjezo chimodzimodzi ndi inayo. Tinachepetsa chithunzi cha basi, tinachotsa moni wautali wa Khirisimasi kusiya "Khirisimasi kumudzi" yokha, mizere iwiri ija inabwerera.

Lachisanu m'mawa ndinaika fulaya ya dizaina ndi pepala langa pambali n'kuyenda nambala ndi nambala ndi chala, 80, 90, 100, 15, 5 koloko, makilo 20, $1, masiku asanu aja, zonse zinafanana. Chotsala chinali voisi noti ya pa watsapu, poti akuluakulu ambiri amakonda kumvera kusiyana ndi kuwerenga. Bwana ankafuna ya masekondi 30 koma itawerengedwa yonse inafika 50, ndipo ndinakana kuthamangitsa malamulo kumapeto ngati mmene amachitira pa wailesi. Ndinasintha dongosolo lake, mtengo uliwonse uzitsatana ndi lamulo lake, madola 80 basi ya Lachiwiri, madola 90 basi ya Lachisanu, kupita ndi kubwera, malizani kulipira pa 15, ndipo deti imeneyo ndinaitchula kawiri.

Cha m'ma 3 koloko mtsikana wa pa kauntala ananditumizira meseji kuti kwabwera agogo ena a ku Epworth ndi fulaya m'manja, anatulutsa $90 yowerenga kale n'kunena kuti ndikufuna ya Lachisanu pa 19, ndipo chikwama changa ndachiyeza kunyumba chili 23, nayi 3 dola yake.