Za dzina la a Loboti, imvani kwa mwini wake

Popeza ena mwayamba kale kundipatsa moni wakuti “a Loboti, lero mwayaka mtundu wanji?”, ndati ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Amene akufalitsa zoti ndinapaka lipisitiki lipoti lonse ndi abodza. Linali kope limodzi lokha, komanso mzere umodzi wokha.

Mukudziwa kuti ntchito yathu ndi ya mijigo 12, ndipo mwezi uliwonse ndimalemba lipoti lopita ku komiti yoyang'anira polojekiti. Muli a wapampando ochokera kukhonsolo, mayi oimira amene amatipatsa ndalama, a zachuma, mkulu wa zamadzi paboma ndi a Gogo Chalo. Patsamba loyamba pali tebulo la mizere inayi: kukumba, kuika mapampu, kuphunzitsa makomiti a pamjigo, ndi ndalama. Kumapeto kwa mzere uliwonse kumakhala kabwalo ka mtundu wa maloboti a pamsewu. Kobiriwira ndiye kuti zikuyenda monga tinapangana. Kachikasu, zapendekeka koma tiziwongola tokha. Kofiira, patokha sitingathe, komiti ilowererepo. Palinso ka buluu, kamene timaika ntchito ikatheratu. Ka buluuko mukakumbukire.

Mwezi wa Okutobala zinthu zinali chonchi. Pa mijigo 12 tinali titakumba 7. Iwiri inatuluka youma, fumbi lokhalokha. Pa isanu ya madziyo, itatu inali itaikidwa mapampu a Afridev ndipo anthu akutunga, iwiri ikudikira zotsatira za kulabu. Munthu wofuna kutamandidwa amalemba kuti ntchito yafika pa 58 peresenti, chifukwa 7 pa 12 ndi yomweyo. Koma mayi wa kumudzi satunga dzenje. Mijigo yotulutsa madzi inali 3 pa 12, ndiye kuti 25 peresenti, pomwe ndalama tinali titadya 60 peresenti, popeza kontirakiti yathu imati wokumba alipidwe pa mita iliyonse, madzi apezeke asapezeke.

Miyezi yam'mbuyomo bwana wanga ankandiuza kuti, “Achimwene, zofiira musamaike, azungu amachita mantha.” Ndiye tinkatumiza malipoti amene anthu a ntchito imeneyi amawatcha a vwende, kunja kobiriwira m'kati mofiira. Ulendo uno ndinakana. Ndinaika kofiira pa kukumba ndi pa ndalama. Zimenezi akukamba nkhani yanga aja sakuzitchula. Munthu woyamba kunena chilungamo pa polojekiti ija ndine, ndipo ndi ine ndemwe ndikusekedwa.

Chomwe ndinkafuna kwa komiti chinali chimodzi. Mu bajeti muli 10 peresenti yosungira zadzidzidzi, ndipo ndalama imeneyo ine sindingaikhudze popanda chilolezo cha komiti. Ndinalemba njira ziwiri: atsegule thumbalo tiyezenso malo ena n'kukumbanso m'midzi iwiri ija, kapena tivomereze kuti mijigo ikhala 10 ndipo wina apite akawauze anthu a m'midziyo pamaso. Ndinalemba mtengo wa njira iliyonse, ndinanena kuti ine ndikukonda yoyamba, ndinaikanso tsiku lomaliza, 31 Okutobala. Tsikulo silinali lokongoletsera pepala. Midzi iwiriyo ili kutsidya kwa dambo, ndipo mvula ikangoyamba mu Novembala chigalimoto chokumbira chija sichiwolokanso mpaka dzinja litatha. Zonsezi zinalembedwa bwino kwambiri, patsamba 4, kuseri kwa zithunzi za ana akumwetulira pamjigo, chifukwa fomu ya lipoti imene tinapatsidwa inakonzedwa choncho.

Lipotilo ndinatumiza pa imelo nthawi ikadalipo. Koma komiti yathu imawerenga lipoti dzanja lina lili pa samusa, choncho pamafunika makope a pepala. M'mawa wa tsiku la msonkhano pulinta ya kuofesi inati inki yamitundu yatha. Timabwalo tonse tinatuluka totuwa, kofiira ndi kobiriwira osasiyana n'komwe. M'timabwalomo munalibe mawu, munali mtundu basi. Ndinathamangira kokopetsa mapepala pamsika, ndinapeza magetsi athima, mnyamata wake akusewera bawo.

Apa mpamene nzeru zinandibwerera. Ndinagula makrayoni pagolosale, ndinaitana adalaivala ndi asekeletale, tinagawana makope pa boneti ya galimoto. Ndinawauza momveka bwino: mzere woyamba chofiira, wachiwiri chachikasu, wachitatu chobiriwira, wachinayi chofiira. Krayoni yofiira inali imodzi ndipo inali kwa ine, asekeletale anatopa kudikira n'kutsegula chikwama chawo. Zimenezo ndinaziona, ndinangoti bola n'chofiira. Chimene sindinaone n'chimene ankachita adalaivala kuseri kwa galimoto. Bambo amene uja ndi wa Manoma wa magazi. Chofiira sagwira, ngakhale tomato amachita kumusankhira akazi ake. Ndiye paliponse pomwe ndinati chofiira, iye anapaka buluu, mosamala, osatuluka mumzere. Kope limene linakongola kuposa onse analiika pamwamba, nati limeneli n'la a wapampando.

Titapemphera, a wapampando anavala magalasi, anayang'ana tsamba loyamba, anawavula, anawapukuta, anawavalanso. Kenako anaimirira. Anthuni, bambo aja pamsonkhano saimirira. Anakonza jekete n'kunena kuti, “Gogo Chalo, amayi ndi abambo, zaka zonse ndakhala m'makomiti sindinaonepo polojekiti yotha nthawi isanakwane. Mnyamata uyu timuombere m'manja.”

Anaomba. A Gogo Chalo anaomba nawo. Mayi wobweretsa tiyi anaika thireyi pansi kuti naye aombe, mpaka kanthungululu kamodzi anakaponyamo. Ine ndinaimirira n'kuwerama pang'ono, chifukwa munthu akukuombera m'manja sumufunsa chifukwa. Mumtima ndinkati, taonani, chilungamo chimalipira, ndanena zoona ndipo akundilemekeza. Ndinayamba kuganiza zoti mwina Januwale andikweza. Ndinaona ofesi yokhala ndi fani. Ndinaona mpando wozungulira. A wapampando anali atafika kale pa mwambo wopereka mijigo kwa anthu, akufunsa ngati tiitane gule kapena kwaya ya amayi, ng'ombe ikhale imodzi kapena tionjezere mbuzi, nsalu tisindikize ya mtundu wanji. Wina anati ma T-sheti asaiwalike. Ine ndikungogwedeza mutu, pang'onopang'ono ndikuzindikira kuti ng'ombe saphera mijigo youma, koma khosi likugwedezabe lokha.

Mayi oimira opereka ndalama sanaombe. Iwo anali ndi lipoti pa laputopu, la mitundu yake yeniyeni. Anakweza dzanja mwaulemu n'kuti, “Pepani a wapampando, kwa ine pa kukumba pali chofiira.” A wapampando anati kwawo pali buluu. A zachuma, amene anapatsidwa kope losapakidwa chifukwa nthawi inatithera, anati kwawo n'kotuwa ndipo amaganiza kuti ndi mtundu watsopano wotanthauza kuti nkhani ili kukhoti. Makope anayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Anthu akuluakulu, a madigiri awo, akupenyetsa mapepala kudzuwa pawindo.

A Gogo Chalo anali chete nthawi yonseyi. Anaika chala pa kabwalo kawo, anachitembenuza, anachiyang'ana. Anabweretsa pepala pamphuno. Ananunkhizanso kachiwiri, motalika, maso ali chitsinzinire. Kenako anandiyang'ana n'kuti, “Mwana wanga, lipoti ili lagona kuti?”

Asekeletale anatuluka kukaona ngati tiyi wafika, tiyi ali patebulo pomwepo.

Ndinayesa kubweza msonkhano panjira. Ndinati, “Zikomo a wapampando, mitunduyo tiisiye, manambala ndi omwewo pa makope onse, tiyeni patsamba 4 pali nkhani yofuna chigamulo chanu lero.” Manambala analidi omwewo. Pambali penipeni pa buluu wa a wapampando panalembedwa kuti mijigo yotulutsa madzi ndi 3 pa 12, ndipo palibe anaziwerenga. Koma munthu amene wangolonjeza ng'ombe pamaso pa mfumu sungamutembenuzire tsamba. Anati choyamba tigwirizane kuti mtundu uliwonse ukutanthauza chiyani. Mkulu wa zamadzi anafunsa kuti ntchito ichedwe bwanji kuti ichoke pa chikasu kufika pofiira, masabata awiri kapena mwezi. Funso labwino, ndipo likanafunsidwa polojekiti isanayambe tikanapewa zambiri. A zachuma anati kwa iwo chofiira ndi pamene ndalama zodyedwa zapitirira ntchito yooneka ndi maso, ndipo atayang'ana 60 ndi 25 uja anangoti “eee” n'kutsamira mpando. Ndinaganiza kuti tsopano tafika. Pomwepo wina anafunsa ngati mvula ndi vuto kapena chiopsezo, ndipo anakangana kufikira atagwirizana kuti mijigo youma ndi vuto chifukwa yachitika kale, mvula ndi chiopsezo chifukwa sinagwe. Kunja mitambo inali itayamba kusonkhana kuti imve nawo.

Belu la nkhomaliro pamalo pomwe tinachita lendi silidikira munthu. A wapampando anatseka msonkhano ndi zigamulo ziwiri. Choyamba, kuyambira mwezi wamawa kabwalo kalikonse kazikhala ndi mawu m'kati mwake, CHOFIIRA kapena CHOBIRIWIRA, ndipo nkhani zofuna chigamulo zizikhala pamwamba pa tsamba loyamba. Chachiwiri, ofesi igule inki. Za thumba la 10 peresenti, maminitsi akuti “komiti yamva”. Kumva si kuvomereza, a zachuma sangatulutse ngakhale tambala ndi mawu amenewo.

Ndinatha sabata yotsatira ndikuyenda ndi kalata ya ndime imodzi, khomo ndi khomo, kuti mamembala asayine chilolezo msonkhano wina usanafike. Onse anasayina msanga, ena osakhala n'komwe pansi, zomwe zikusonyeza kuti nkhaniyo inali ya mphindi zisanu. Mudzi umodzi tinaukumbira ndipo madzi anatuluka. Winawo galimoto inafika m'mphepete mwa dambo, woyendetsa anatsika, anaponda pansi, nsapato inatsalira momwemo, anabwerera.

Adalaivala mpaka lero sakuona cholakwa. Akuti kope lawo ndi lokhalo limene linaomberedwa m'manja. Makrayoni aja ndinapatsa mwana wanga, ndipo akudandaula kuti ya buluu yafupika.