Benchi, shopu kapena foni: belo la kaunjika ndi lomwe linatisankhira

Timagulitsa madiresi ndi mabulauzi a kaunjika pa Nchalo, ine ndi mng'ono wanga. Tinayamba ndi ndalama za kubanki mkhonde, ndipo chiyambireni takhala tikufunsidwa funso lomwelomwelo ndi atsikana ofuna kulowa geni imeneyi: nditenge benchi mumsika, ndichite lendi shopu, kapena ndizingojambula zovala n'kumaika pa Status ya WhatsApp ndili kunyumba? Ine ndimawauza kuti ayambe aona zomwe zimatuluka mu belo limodzi, chifukwa yankho lili m'menemo.

Belo timakaoda ku Limbe. Limalemera makilogalamu 45, ndipo sulitsegula usanalipire. Ukadula mawaya kunyumba, zovala zimagawika zokha patatu. Pali zapamwamba, zooneka ngati sizinavalidwepo, zina zili ndi kapepala kake ka m'sitolo. Pali zapakati, zabwinobwino koma zosadzidzimutsa. Ndiye pali zotsalira: chothimbirira m'khwapa, chosoweka batani, chachikulu moti sichingakwane aliyense, kapena juzi laubweya lomwe munthu wa kuchigwa kuno sangalikhudze, poti mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40.

Nditenge belo lina la madiresi lomwe ndinalemba m'kope. Tinaligula K450,000, ndipo thiransipoti yotsika nalo mpaka pa Nchalo pamodzi ndi yanga inadya K20,000. Munatuluka madiresi 180. Apamwamba anali 30, ndipo anayenda pa K9,000 lililonse, kubweretsa K270,000. Apakati anali 90, omwe atanenerera ogula ankathera pa K3,500, ndiye kuti K315,000. Otsala 60 aja tinawathira pansi pa K1,000, n'kupeza K60,000. Zonse pamodzi K645,000, phindu K175,000 tisanachotse msonkho wa pamsika ndi chakudya chamasana.

Tsono taonani wogulitsa pa foni pokha. Chomwe chimakopa pa chithunzi ndi zapamwamba zija basi. Aphunzitsi, anamwino ndi akazi a kumaofesi a kampani ya shuga amazisankha usiku womwewo n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma K270,000 siinafike ngakhale pa mtengo wa belo. Mpamba wako wotsala pamodzi ndi phindu lonse zagona m'madiresi 150 omwe palibe angawagule asanawagwire ndi manja. Diresi la K3,500 ukalitumiza ku Bangula, kondakitala wa minibasi akufuna yake, ndipo likapanda kumukwana mwini wake, alibweza pa ndalama yako. Palinso aja olemba kuti "asisi, mundisungire, ndilipira pa malipiro", kenako foni yawo osapezekanso. Masiku ano sitisunga chovala popanda theka la mtengo wake.

Foni yokha imamuyendera munthu amene sagula belo lathunthu, uja amapita m'mamawa pomwe ena akutsegula mabelo n'kusankhamo zabwino zokhazokha pa mtengo wokwererapo. Ameneyo alibe zotsalira, safuna malo. Koma kuchokera kuno kukasankha ku Limbe sabata iliyonse, thiransipoti imamaliza kaphindu kaja.

Shopu tinaiganizira kwambiri, ndipo mng'ono wanga ndiye ankaifunitsitsa. Ubwino wake ndi woonekeratu. Zovala sizisuluka ndi dzuwa, fumbi la pamsewu wa M1 silizifika kwenikweni, munthu amayesa diresi mwaulemu kuseri kwa katani, ndipo madzulo umangokhoma loko osasenza chilichonse. Chipinda chomwe tinachipeza pafupi ndi msewu eni ake ankafuna K80,000 pamwezi, miyezi itatu yolipiriratu. Imeneyo ndi K240,000, kuposa theka la belo, usanagule mahang'ala ndi galasi, usanadule layisensi kukhonsolo, usanasonkhe ya mlonda. Pa phindu la K175,000 lija, lendi ikudya pafupifupi theka ngati ukumaliza belo limodzi pamwezi. Shopu imayamba kudzilipira yokha ukamamaliza mabelo awiri kapena atatu mwezi uliwonse, chaka chonse.

Vuto lagona pa mawu oti chaka chonsewo. Ndalama ya kuchigwa cha Shire ili ndi nyengo zake. Nzimbe zikamadulidwa, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala, pa Nchalo pamadzaza anthu a ntchito yanyengo, ndipo kumapeto a mwezi uliwonse msika umawira. Alimi a ku Ngabu akagulitsa thonje ndi chitowe amavekanso mabanja awo nthawi yomweyo. Disembala amatithandiza ndi Khirisimasi. Koma Januwale mpaka Malichi munthu amaganiza za chimanga ndi fizi ya ana, diresi ayi. Imeneyinso ndiyo miyezi ya madzi osefukira. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anabwerezanso kutisautsa. Msewu ukaduka katundu watsopano safika, magetsi akazima mafoni a makasitomala amathima, koma lendi ya shopu imawerengabe masiku.

Benchi silitero. Msonkho wa khonsolo umadula tsiku lomwe wayala katundu. Ukapanda kupita, chomwe wataya ndi malonda a tsikulo basi. Ndipo mumsika anthu amabwera kale okha kudzagula nsomba, tomato ndi ufa. Mayi sanachoke kunyumba kuti akagule diresi, koma waliona likulendewera, waligwira, wafunsa mtengo. Zapakati zija zimayenda chonchi. Mayi yemweyo pakhomo la shopu amadutsa, poganiza kuti za m'galasi n'zodula, ngakhale mtengo uli umodzimodzi.

Sindikunena kuti benchi ndi lokoma. Dzuwa la kuno limasulutsa nsalu yakuda ndi yofiira m'masiku ochepa, ndipo umazindikira ukaona mzere wotuwa paphewa pomwe panadutsa hang'ala. N'chifukwa chake zakuda timazipachika mkati, zowala kutsogolo, ndipo zapamwamba sizituluka m'chikwama pokhapokha wina atafunsa. Poyesera ndi chitenje chomwe mng'ono wanga amagwira m'makona awiri. Madzulo katundu yense amalowa m'masaka, wakabaza n'kumutengera kunyumba, yomwe tinaonetsetsa kuti ili pamtunda.

Pano timayendetsa chonchi. Belo likafika timalitsegula kunyumba, zapamwamba timazichapa, kuzisita ndi simbi yamakala, n'kuzijambula m'mawa dzuwa lisanakwere, titalemba saizi ndi mtengo pachithunzi chilichonse. Timazipatsa masiku atatu pa foni. Wogula amadzatengera pabenchi, choncho za kondakitala zinachepa, ndipo nthawi zambiri amachoka atawonjezera bulauzi. Chomwe sichinagulidwe chimatsika mtengo n'kupachikidwa. Chomwe chakhala pabenchi masabata awiri chimapita pamulu, ndipo mng'ono wanga amanyamula muluwo kupita nawo kumisika ya masiku ya m'midzi, komwe cha K1,000 chimatha msanga kuposa pa Nchalo.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mabelo inakwera nthawi yomweyo, pomwe ogula athu malipiro awo anali omwe aja. Ndalama yomwe ikanakhala kwa eni chipinda ndi yomwe inatikwanira kuonjezera pa belo lotsatira. Za shopu sitinazitaye. Tinagwirizana kuti tidzailowa tikadzadutsa Januwale, Febuluwale ndi Malichi tikumaliza mabelo awiri pamwezi, ndipo chaka chino kope likuonetsa kuti mu Febuluwale tinamaliza limodzi lokha.