Kasitomala akati "ndiganize kaye"

Pa maphunziro a zamalonda amene ndikuchita, gawo limene landigwira mtima ndi la kasitomala wokayika. Nditenge chitsanzo cha sola ya m'nyumba yolipira pang'onopang'ono, ija ya mababu atatu ndi potchajira foni.

Mayi akaiona n'kunena kuti "ndiganize kaye", ogulitsa ambiri amayambiranso kuchemerera katunduyo, kapena kunama kuti yatsala imodzi yokha. Malonda amafera pomwepo, chifukwa mawu amenewa amabisa nkhawa zosiyana. Wina alibe ya dipoziti lero. Wina anagulapo sola pamsika, batire n'kufa mwezi usanathe. Winanso sangatulutse ndalama asanakambirane ndi amuna awo.

Ndiye funsani funso limodzi lokha: "Amayi, chikukukayikitsani n'chiyani, mtengo kapena kulimba kwake?" Mukafunsa khalani chete, ngakhale atachedwa kuyankha. Mukalankhula msanga mumawapatsa nkhawa yanu m'malo momva yawo.

Akati mtengo, musathamangire kuchotsera. Afunseni zimene amawononga pa sabata kuti m'nyumba muwale, ndipo awerengere okha pa foni yawo. Tiyerekeze kuti mabatire a tochi amawadyera K2,000, ndipo amatchajitsa foni katatu pa K300, yomwe ndi K900. Zonse pamodzi K2,900. Ngati malipiro a sola ndi K3,500 pa sabata, musanene kuti ndi yotchipa, pakuti si zoona. Nenani kuti: "Muziwonjezera K600 pa sabata, koma mukamaliza kulipira ndi yanu, za mabatire zatha." Atchulireninso dipoziti, masabata onse olipira ndi ndalama yonse pamodzi. Munthu amakhulupirira masamu amene wapanga yekha.

Akati kulimba, masamuwo alibe ntchito. Apatseni babu aligwire, ayatse okha, alumikize foni yawo aone ikutchaja. Aonetseni pepala la waranti, muwauze komwe angapite ikawonongeka.

Chimene ndikuona kuti n'chofunika kwambiri, ngakhale ogulitsa amachiopa, ndi kunena nokha zofooka za katunduyo. Sola zambiri zamtunduwu zimadzitseka malipiro akadumpha, mpaka mutalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Kukachita mitambo tsiku lonse batire silidzaza, choncho mababu amazima msanga. Ayironi siingayake pamenepo. Mayi akamva izi kwa inu amamasuka, koma akadzaziona yekha usiku nyumba ili bii, mudzi wonse udzadziwa kuti munamunamiza.

Amene akufuna kukafunsa kunyumba musawakanize. Alembereni mitengo papepala, n'kufunsa tsiku limene mungabwere abambo alipo.

Mudziwa kuti mwayamba kukakamiza mayi akasiya kufunsa mafunso, n'kumangoti "chabwino, chabwino" maso ali kumbali. Woteroyo akhoza kupereka dipoziti chifukwa cha manyazi, koma kawirikawiri malipiro otsatira amavuta. Zikafika apo bwezerani sola m'katoni, musiye nambala yanu, mutsanzike.